Masenti omaliza: chifukwa chake ogulitsa maopishoni sadikira Lachisanu

Lachisanu pa 4 Sepitembala 2020, msika wa masheya ku New York unatseka 4 koloko madzulo sheya imodzi ya kampani ya magalimoto ya Tesla ili pa madola 418. Munthu amene anali atalandira ndalama polonjeza kugula sheyayo pa madola 410 akanatha kuzimitsa kompyuta mtima uli m'malo. Pangano lake linali kutha tsiku lomwelo, ndipo palibe akanamukakamiza kugula pa 410 chinthu chimene pamsika chinali pa 418.

Msika utatseka, panatuluka chilengezo chakuti Tesla sinalowetsedwe m'gulu la makampani a S&P 500, pamene ambiri ankayembekezera kuti ilowa. Pa malonda ochepa amene amapitirira msika utatsekedwa, mtengo unatsika kufika pansi pa madola 400. Lolemba kunali holide. Lachiwiri pa 8 Sepitembala sheyayo inagwa ndi 21 peresenti n'kutsekera pa madola 330. Lonjezo limene madzulo a Lachisanu linkaoneka lakufa linali lisanafe, ndipo pa mgwirizano umodzi wokha linkatha kudya madola pafupifupi 8,000.

Kuti timve mmene zimenezi zimachitikira, tiyambe ndi katundu amene akugulitsidwayo.

Opishoni ndi pangano la anthu awiri. Wogula amalipira ndalama yotchedwa pulimiyamu, napeza ufulu wogula kapena wogulitsa masheya pa mtengo wogwirizana, tsiku lomaliza lisanadutse. Mtengo wogwirizanawo amautcha sitiraiki. Ufulu wogula ndi kolo, ufulu wogulitsa ndi puti. Wogulitsa opishoni amalandira pulimiyamuyo tsiku loyamba, koma amasenza udindo: mwini ufulu akafuna, iye ayenera kukwaniritsa, msika uli pabwino kapena poipa. Ku America mgwirizano umodzi umaimira masheya 100, choncho mtengo wa madola 2 pa sikirini ndi madola 200 m'thumba. Malondawa anayamba kuchitika pa msika wokhazikika mu 1973 ku Chicago. Msika wa masheya wa ku Blantyre ulibe maopishoni. Owerenga amene amakumana nawo ndi aja ali ndi maakaunti ku Johannesburg, ku London kapena kwa mabuloka a ku America.

Wogulitsa puti amachita ntchito ya kampani ya inshuwalansi. Amatolera ndalama zochepa kawirikawiri, ndipo mwa apo ndi apo amalipira zambiri. Phindu lake lili ndi malire, silingapose pulimiyamu. Kutaya kwake kungapose pulimiyamu kakhumi kapena kuposa apo.

Tiyerekeze mayi wina wamalonda a maopishoni. Sheya ya kampani ina ili pa madola 100, ndipo msika ukuyembekezera kuti mtengo wake uzigwedezeka pa mlingo wa 30 peresenti pachaka, mlingo umene si wachilendo kwa kampani imodzi. Mayiyo akugulitsa puti ya sitiraiki 95 imene yatsala ndi masiku 45. Malinga ndi masamu a Fischer Black ndi Myron Scholes, amene anasindikizidwanso mu 1973, ndipo tikasiya pambali chiwongoladzanja, puti imeneyi ili pa madola 2.07. Mayiyo walandira madola 207. Ziwerengero zonse za chitsanzochi zachokera m'masamu amenewa, mlingo wa kugwedezeka uja titausiya osasintha.

Pa sikirini yake pali manambala atatu amene amamuuza mmene panganolo likupumira. Yoyamba ndi delita: sheya ikasuntha ndi dola imodzi, opishoni isuntha ndi zingati? Puti yake ili ndi delita ya 0.29, kutanthauza kuti sheya ikatsika ndi dola imodzi iye ataya masenti 29 pa sheya iliyonse, madola 29 pa mgwirizano. Tinganene kuti ali ngati munthu wosunga masheya 29. Yachiwiri ndi theta, ndalama imene opishoni imataya tsiku lililonse chifukwa choti nthawi ikupita. Imeneyi ndiyo malipiro a wogulitsa. Yachitatu ndi gama, ndipo ndiyo mwini nkhani yathu. Gama imanena kuti delita ija isintha ndi zingati sheya ikasuntha ndi dola imodzi.

Kwa wogulitsa, gama imagwira ntchito momutsutsa nthawi zonse. Sheya ikamatsika, delita ya puti imakula, ndiye kuti masheya 29 aja amasanduka 40, kenako 60, kenako 90, pa nthawi yeniyeni imene kukhala ndi masheya ambiri kukupweteka. Sheya ikamakwera, delita imachepa, ndiye kuti akupindula ndi masheya ochepachepa. Amene anagulitsa kolo zimamuchitikira chimodzimodzi mtengo ukamakwera.

Kukula kwa gama kumadalira zinthu ziwiri zazikulu: kuyandikana kwa mtengo wa sheya ndi sitiraiki, komanso nthawi imene yatsala. Aliyense amene anaonerapo mpira wa Bullets ndi Wanderers akudziwa kale mfundoyi. Chigoli cha mphindi ya 10 chimasintha zinthu pang'ono, chifukwa otsalira ali ndi mphindi 80 zobwezera. Chigoli chomwecho chikabwera mphindi ya 89 matimu ali mofanana, masewero onse atembenuka. Koma ngati timu ina ikutsogola kale ndi zigoli zinayi, chigoli cha mphindi ya 89 sichisintha kanthu. Opishoni imene yatsala pang'ono kutha ili chomwecho. Ikakhala kutali ndi sitiraiki, gama yake imazimiririka. Ikakhala pafupi, kusuntha kwakung'ono kumaichotsa pa kusakhala kanthu n'kuisandutsa masheya 100 athunthu.

Manambala ake ndi awa, pa opishoni imene sitiraiki yake ikufanana ndi mtengo wa sheya ya madola 100. Kutatsala masiku 45, gama ili pafupifupi 0.04. Kutatsala masiku 21 ili pafupi ndi 0.055. Kutatsala sabata imodzi yayandikira 0.10, ndipo kutatsala tsiku limodzi ili pa 0.25. Lamulo lake n'losavuta kukumbukira: nthawi yotsala ikagawidwa panayi n'kutsala gawo limodzi, gama imawirikiza kawiri. Kuchoka pa masiku 28 kufika pa 7 yawirikiza kawiri, ndipo ulendowu watenga masabata atatu. Kuchoka pa masiku 7 kufika pansi pa masiku awiri yawirikizanso kawiri, m'masiku asanu okha. Tsiku lomaliza zimenezi zimachitika m'maola.

Tibwerere kwa mayi uja, ndipo timuikire tsoka limodzi pa nthawi ziwiri zosiyana. Sheya ili pa madola 96, ndiye yagwa mwadzidzidzi kufika pa 93.

Zikachitika kutatsala masiku 45, puti ya 95 ichoka pa madola 3.53 kufika pa 5.03. Delita yake ichoka pa 0.44 kufika pa 0.56. Kutaya ndi madola 150 pa mgwirizano, pamene ndalama imene inali kutsogolo kuti ipindulidwe inali madola 353, ndipo patsala mwezi ndi theka woti mtengo ubwerere.

Zikachitika kutatsala tsiku limodzi, puti yomweyo ichoka pa masenti 23 kufika pa madola 2.06. Delita idumpha kuchoka pa 0.25 kufika pa 0.91. Kutaya ndi madola 183, pamene zonse zimene mayiyo ankadikirira zinali madola 23. Wataya kasanu ndi katatu kuposa chimene ankasaka, ndipo nthawi yobwezera palibe.

Apa m'pofunika kuona bwino, chifukwa nkhaniyi imafotokozedwa molakwika kawirikawiri. Madola 150 ndi madola 183 sakusiyana kwambiri. Chimene chasintha kotheratu ndi kukula kwa mphoto poyerekeza ndi chiopsezo. Kumayambiriro wogulitsa amaika pachiswe ndalama zambiri kuti apeze ndalama zooneka. Kumapeto amaika pachiswe ndalama zambiri zomwezo kuti apeze masenti. Ndipo pali msampha wachiwiri: popeza pulimiyamu ya maopishoni a masiku ochepa ndi yaing'ono, anthu amagulitsa yambiri kuti ndalama ioneke. Wofuna madola 230 kuchokera ku puti ya masenti 23 ayenera kugulitsa migwirizano 10, ndipo kugwa kwa madola atatu kuja kumamudyera madola 1,830.

N'chifukwa chiyani anthu amakhalabe mpaka kumapeto? Chifukwa theta nayo imakula pamodzi ndi gama. Opishoni ya pa sitiraiki imene yatsala ndi masiku 45 imataya pafupifupi masenti 5 patsiku. Ya masiku 7 imataya masenti 12 patsiku. Ya tsiku limodzi ili pa masenti 63, ndipo onsewo amatha mawa ngati sheya sinasunthe. Ndalama imabwera mofulumira kwambiri m'sabata yomaliza, ndipo wogulitsa amaiona ikulowa m'mawa uliwonse.

Koma theta si mphatso. Ndi mtengo umene msika ukulipira munthu wovomera kusenza gama, ndipo ziwirizi zimalingana. Mbali ya kutaya imene imachokera ku gama imawerengedwa potenga theka la gama n'kuchulukitsa ndi kusuntha kwa mtengo kawiri. Pa opishoni ya sabata imodzi ija, sheya ikasuntha ndi madola 1.57, gama imadya masenti 12, omwe aja theta inabweretsa tsikulo. Ikasuntha ndi madola 3, imadya masenti 43, malipiro a masiku opitirira atatu. Kusuntha kukawirikiza kawiri, kutaya kumawirikiza kanayi. Wogulitsa amene wapeza masabata abata amatolera bwinobwino. Tsiku limodzi laphokoso limalanda za masiku ambiri.

Malamulo otuluka msanga anabadwira pamenepa. Otchuka kwambiri pakati pa amalonda wamba ndi amene anafalitsidwa ndi tastytrade, kampani ya ku Chicago imene Tom Sosnoff anayambitsa ndi anzake mu 2011: kugulitsa kutatsala masiku pafupifupi 45, kutseka phindu likafika theka la pulimiyamu, ndipo ngati silinafike, kuchitapo kanthu kutatsala masiku 21.

Lamulo la theka likumveka bwino pa puti ya mayi uja. Anaigulitsa pa madola 2.07. Ngati sheya ikadali pa 100 patapita masiku 24, putiyo yatsika kufika pa masenti 98. Akaigulanso pamenepo, pa batani limene pa sikirini limalembedwa Buy to Close, wasunga madola 109 ndipo udindo watha. Akakhala, akudikirira madola 98 enanso kwa masabata atatu, amene ndi masabata omwe aja gama ingakulire kwambiri sheya ikangotsetserekera ku 95. Pali nthawi zina pamene phindu limabwera msanga kuposa apa, monga sheya ikakwera m'sabata yoyamba n'kugwetsa mtengo wa puti ndi theka. Zikatero chifukwa chotsekera chimakhala champhamvu koposa: theka la ndalama lapezeka m'masiku asanu, theka lotsalalo likufuna masiku 40.

Ambiri amaika oda yotsekera tsiku lomwelo agulitsa, yokhala pamsika mpaka itakwaniritsidwa. Ubwino wake ndi woti chisankho chimapangidwa mutu uli wozizira.

Nambala 21 payokha si yamatsenga. Gama sidumpha pa tsikulo. Imakwera pang'onopang'ono kuyambira kale. Masiku 21 ndi malo amene kukwerako kusanayambe kuthamanga, ndipo ndi nambala yosavuta kuikumbukira. Wina angasankhe masiku 14, wina 25. Lamuloli lili ndi mtengo wakenso, ndipo wolinena mosabisa ayenera kuutchula. Wotseka msanga amasiya ndalama patebulo nthawi zambiri, chifukwa maopishoni ambiri amene wawatseka akanatha opanda kanthu. Amachitanso malonda pafupipafupi, ndipo ulendo uliwonse amalipira buloka komanso amataya pang'ono pa kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Pa maopishoni a kampani yaing'ono, amene kusiyanako kungakhale masenti 20 kapena 30, kutseka msanga kumadula ndithu. Chimene akugula ndi ndalama imeneyo ndi kuchepa kwa masiku oipa kwambiri. Kwa munthu wa akaunti yaing'ono, amene tsiku limodzi loipa lingamuchotse pamsika, malonda amenewa ndi oyenera.

Nanga tsiku la 21 likafika zinthu zisanayende bwino? Apa m'pamene pamabwera kukankhira pangano m'tsogolo, kumene amalonda amakutcha kurola: kugulanso opishoni ya mwezi uno n'kugulitsa ya mwezi wamawa pa oda imodzi.

Tiyerekeze kuti sheya ya mayi uja yatsika kufika pa 95, pa sitiraiki penipeni. Puti yake ili pa madola 2.73, ndiye akutaya masenti 66. Puti ya sitiraiki yomweyo ya mwezi wotsatira, yotsala ndi masiku 49, ili pa madola 4.17. Akarola, alandira madola 1.44 owonjezera. Zonse zimene walandira kuyambira pachiyambi zakwana madola 3.51, choncho ngati atakhala mpaka kumapeto angayambe kutaya sheya ikatsika pansi pa 91.49. Gama yake yatsika kuchoka pa 0.058 kufika pa 0.038, ndipo sakhalanso pa sitiraiki m'sabata yoopsa ija. Uku ndi kurola kwanzeru, ndipo kwatheka chifukwa kwachitika msanga, mtengo ukadali pafupi ndi sitiraiki.

Tsopano tiyerekeze kuti sheya yagwa kufika pa 85. Puti yake ili pa madola 10.17, ndipo ya mwezi wamawa ili pa 10.81. Kurola kungamupatse masenti 64 okha, posinthana ndi masiku 28 owonjezera atasenza pangano limene tsopano likuyenda ngati masheya oposa 80. Akafuna kutsitsa sitiraiki kufika pa 90, ayenera kulipira m'malo molandira. Apa vuto lake silinso gama. Opishoni yalowa mkati kwambiri moti gama yachepa. Vuto ndi loti wasunga sheya imene ikugwa. Funso lokhalo loyenera ndi lakuti, akanakhala kuti alibe pangano lililonse lero, akanagulitsa puti ya 95 imeneyi? Ngati yankho ndi ayi, kurola ndi kungozengereza.

N'chifukwa chake amalonda osamala amati kurola kuzichitika pokhapokha kukubweretsa ndalama yowonjezera, popanda kuwonjezera chiwerengero cha migwirizano. Lamulo lachiwirili ndilo limaswedwa kwambiri. Munthu amene sakupeza ndalama yowonjezera pa mgwirizano umodzi amagulitsa iwiri ya sitiraiki yotsika kuti masamu aoneke bwino, mwezi wotsatira inayi. Pa sikirini pamaoneka ngati akulandira mwezi ndi mwezi, koma udindo wake wawirikiza kanayi pa sheya yomwe ija imene yakhala ikumutsutsa. Kuyeneranso kukumbukiridwa kuti kurola ndi malonda awiri. Pangano loyamba latsekedwa ndi kutaya kwenikweni, ndipo lachiwiri ndi latsopano. Mwezi watsopanowo uyenera kufufuzidwa pawokha: ngati kampani ikalengeza zotsatira za malonda ake m'kati mwake, pulimiyamu yaikulu imene ikukopayo ndi mtengo wa usiku umodzi umene sheya ingadumphe ndi madola 10 msika uli wotseka.

Ena amawonjezera malire a kutaya, monga kutseka mtengo wa opishoni ukafika katatu pa umene anagulitsira. Kwa mayi uja ndi pa madola 6.21, kutaya kwa madola 414. Malire otere amathandiza kutali ndi tsiku lomaliza. M'sabata yomaliza sadalirika, chifukwa opishoni ya masenti 23 imatha kulumpha 69 osaimapo, ndipo mtengo ukadumpha usiku oda imakwaniritsidwa pa mtengo wa m'mawa, osati pa umene unalembedwa.

Tsiku lomaliza lenilenilo lili ndi zoopsa zake zimene masamu a gama sazionetsa, ndipo ndi zimene zinachitika pa Tesla. Ku America, bungwe la Options Clearing Corporation limakwaniritsa lokha opishoni iliyonse imene yatha ili mkati mwa sitiraiki ndi senti imodzi kapena kuposa, poyang'ana mtengo wotsekera wa 4 koloko. Koma mwini opishoni ali ndi mwayi mpaka hafu pasiti 5 madzulo, nthawi ya ku New York, wonena kuti akufuna kugwiritsa ntchito ufulu wake ngakhale opishoniyo inatsekera kunja, kapena kuti sakufuna ngakhale inatsekera mkati. Mabuloka ena amatseka khomoli msanga. Kwa ola ndi theka limenelo wogulitsa sangathenso kugula opishoni yake, pamene mwini wake akuonerera mtengo wa sheya n'kusankha. Wogulitsa amamva zotsatira usiku kapena Loweruka.

Zimapweteka kwambiri munthu amene ankadziona kuti ndi wotetezeka. Tiyerekeze wamalonda amene tsiku lija anali atagulitsa puti ya Tesla ya 410 n'kugula ya 409 ngati chitetezo. Pangano la miyendo iwiri lotere, lotchedwa sipuredi, pa pepala silingataye zoposa madola 100. Mtengo wotsekera wa 418 unali kunja kwa masitiraiki onse awiri, choncho bungwe lija silinakwaniritse iliyonse. Mwini puti ya 410, ataona sheya ili pansi pa 400, anali ndi chifukwa chonse chogulitsira pa 410. Wamalonda wathu, ngati sanali kuonerera n'kutumiza uthenga kwa buloka nthawi isanathe, puti yake ya 409 inatha yopanda ntchito. Anadzuka ali ndi masheya 100 ogulidwa pa madola 41,000, popanda chitetezo, msika uli wotseka masiku atatu. Pa mtengo wotsekera wa Lachiwiri masheyawo anali a madola 33,021. Pangano la madola 100 linataya madola 7,979. Kutseka mwendo wa 410 Lachisanu masana kukanamudyera ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi imeneyi.

Vuto lofanana limabwera sheya ikatsekera pa sitiraiki penipeni kapena pakati pa masitiraiki awiri a sipuredi. Wogulitsa sadziwa ngati apatsidwa masheya, ndiponso angati, ndiye sangadziteteze molondola kumapeto kwa sabata. Lamulo la pamenepa ndi lalifupi: opishoni yogulitsidwa imene ingathere m'masheya enieni izitsekedwa belu lisanalire, ngakhale yatsala masenti awiri. Mabuloka ena salipiritsa n'komwe kutseka opishoni ya masenti asanu kapena kucheperapo.

Wogulitsa kolo ali ndi tsiku lina loti aliyang'anire. Maopishoni a masheya a ku America angagwiritsidwe ntchito tsiku lililonse, osati lomaliza lokha. Kampani ikatsala pang'ono kugawa dividendi, mwini kolo imene ili mkati mwa sitiraiki amayerekezera zinthu ziwiri: dividendiyo, ndi gawo la mtengo wa kolo limene likuimira nthawi yotsala. Ngati dividendi ndi masenti 50 ndipo mtengo wa nthawi watsala masenti 10, amatenga masheya tsiku lomaliza loyenerera dividendi. Wogulitsa kolo amene alibe masheyawo amapezeka ali nawo ngongole, pamodzi ndi dividendi yake. Popeza mtengo wa nthawi umasungunuka kumapeto, ngoziyi nayonso ndi ya masiku omaliza.

Maopishoni a pa chiwerengero cha S&P 500, amene pa sikirini amalembedwa SPX, alibe mavuto awiriwa. Amagwiritsidwa ntchito pa tsiku lomaliza lokha ndipo amathera m'ndalama, osati m'masheya. Koma gama ili momwemo, ndipo kumeneko n'kumene anthu ambiri akuikumbatira dala. Msika wa ku Chicago unayambitsa maopishoni a sabata imodzi mu 2005, ndipo mu 2022 unawonjezera a Lachiwiri ndi Lachinayi, moti tsopano tsiku lililonse la malonda pali SPX imene ikutha. Maopishoni ogulidwa kapena kugulitsidwa pa tsiku lawo lomaliza, otchedwa 0DTE, akula mpaka kuposa theka la malonda onse a SPX.

Wogulitsa maopishoni amenewa sangagwiritse ntchito lamulo la masiku 21, chifukwa walowa pamene ena onse akutuluka. Delita yake ingachoke pa 0.10 kufika pa 0.90 m'theka la ola, makamaka pa tsiku limene banki yaikulu ya America ikulengeza za chiwongoladzanja 2 koloko masana. Kurola sikumuthandiza kwenikweni, chifukwa kumangomutengera ku gama ya mawa. Chitetezo chimene chimagwira ntchito ndi chimene chaikidwa asanalowe: kugula mwendo woteteza kuti kutaya kukhale ndi malire odziwika, ndi kusankha chiwerengero cha migwirizano poyang'ana malirewo, osati pulimiyamu. Sipuredi ya SPX yotalikirana mapointi 10 imene yabweretsa madola 60 ingataye madola 940. Munthu wa akaunti ya madola 20,000 amene walola kutaya 5 peresenti pa tsiku loipa ali ndi malo a sipuredi imodzi yokha, ndipo tsiku limodzi lotere limafuna masiku 16 opambana kuti ndalamayo ibwerere.